Kasitomala Akasintha Ntchito Pakatikati: Mmene Mungamuuzire za Ndalama Zowonjezera Musanagwire Chida

Mawu amene amaluzitsa amisiri ndalama zambiri amakhala aafupi: "Poti muli pompano, tangosunthani chitsekochi chibwere uku." Kasitomala amawanena akumwetulira, ali chiimire pakati pa ntchito, ndipo mmisiri amayankha kuti "palibe vuto" asanaganize n'komwe. Mmisiriyo akutanthauza kuti ntchitoyo ndi yotheka, koma kasitomala wamva kuti ndi yaulere. Kusamvanaku sikuonekera tsiku lomwelo. Kumadzatulukira pa tsiku lolipira, chitseko chitasunthidwa kale, simenti itauma, ndipo mmisiri alibenso chogwira m'manja chokambirana nacho.

Nthawi yabwino yonena za ndalama ndi imodzi yokha, pakati pa pempho la kasitomala ndi kugwira chida. Pa nthawi imeneyi kasitomala akadali ndi ufulu wosankha: akhoza kuvomera, kukana, kapena kufuna njira yotsika mtengo. Mukamuuza ntchito itatha, mwamulanda ufuluwo, ndipo akakwiya amakhala ndi chifukwa.

Tiyenda ndi chitsanzo chimodzi cha ntchito yomanga, chifukwa pamenepo zonse zimaoneka ndi maso. Osindikiza, osoka ndi opanga mapulogalamu a pakompyuta apeza kuti ndondomeko yake ndi yomweyi. Mwapangana ndi mayi wina kuti mumange chipinda chowonjezera pa nyumba yawo. Khoma lamkati lamangidwa, felemu ya chitseko yaikidwa, pulasitala wapakidwa mbali zonse, wa magetsi wakwirira kale mapaipi ake. Mayiwo abwera kudzayendera ntchito ndipo akuti chitseko chisunthe mita imodzi ndi theka kupita kumanja.

Poyamba, musavomere ndipo musakane

Yankho lanu loyamba lingokupezerani nthawi. Nenani motere: "Ndamva, mayi. Zimenezi n'zosiyana ndi zimene tinalemba poyamba, ndiye mundilole ndiwerengere kaye ndalama ndi masiku ake. Mawa m'mawa ndikuuzani, ndipo mpaka mutavomera sitigwira khomali."

Mawu ochepawa amuuza kasitomala, mosamukhumudwitsa, kuti pali ndalama imene ikubwera. Mwaikanso nthawi yodzayankha, choncho sakuona ngati mukuzemba. Musatchule mtengo muli chiimire pomwepo. Nambala yongoganizira imakhala yotsika nthawi zambiri, chifukwa m'mutu mumangoona chitseko chokha, ndipo nambala yoyamba imene kasitomala wamva ndi imene amaigwiritsitsa.

Musanasiyane, funsani funso limodzi: n'chifukwa chiyani akufuna chisunthe? Tinene kuti mayiwo ayankha kuti chitseko chikatseguka chizigunda kabati imene akufuna kuika pakona. Yankho limeneli lisungeni, tidzalifuna.

Bwererani ku zimene munalemba

Tsegulani koteshoni, pulani, ndi mauthenga onse amene munatumizirana. Mukufuna kudziwa ngati pempholi lilidi kusintha kwa ntchito, chifukwa si pempho lililonse limene muyenera kulipiritsa.

Ngati pulani imene mayiwo anavomereza ikusonyeza chitseko kumanja, koma anyamata anu anachiika kumanzere, kumeneko n'kukonza cholakwa, ndipo ndalama yake ndi yanu. Ngati pempholo ndi chinthu chimene ntchitoyo singathe popanda icho, monga mahinji pa chitseko chimene koteshoni ikuti "kuika chitseko", munthu aliyense woganiza bwino anena kuti chinali kale mu mtengo, ngakhale simunachitchule. Koma ngati pulani ikusonyeza chitseko pamene chilipo, ndipo maganizo ndi amene asintha, kumeneko ndiye kusintha kolipiritsa.

Chovuta ndi pamene cholembedwacho chili chosamveka, monga koteshoni yongoti "kumanga chipinda chimodzi" popanda pulani. Apa musadzinamize kuti muli ndi umboni. Mukhozabe kulipiritsa chifukwa khomalo linamangidwa mwiniwake akuona osadandaula, koma lankhulani mofatsa, ndipo khalani okonzeka kugawana naye mtengowo. Kulipiritsa chinthu chimene kasitomala angakusonyezeni papepala kuti chinalimo kale kumawononga chikhulupiriro kwambiri kuposa kuiwala kulipiritsa.

Werengerani mtengo wonse, osati wa chinthu chatsopano chokha

Apa ndi pamene ambiri amadzibera okha. Kusuntha chitseko ndi ntchito zingapo zolumikizana, ndipo iliyonse ili ndi mtengo wake.

Pamalo atsopanowo pafunika bimu ya pamwamba pa chitseko yonyamula njerwa zotsala kumtunda. Chitseko cha mamilimita 900 m'lifupi chimafuna bimu yokhala pakhoma mamilimita osachepera 150 mbali iliyonse, kutanthauza bimu ya mamilimita 1200. Imeneyi imalowa kaye, kenaka ndiye mumaboola pansi pake. Onaninso ngati khomalo lanyamula denga. Ngati lanyamula, pafunika zochirikiza, mwinanso injiniya aone, ndipo mtengo umakhala wina.

Kenaka pali kuzula felemu ndi kutseka pamene panali chitseko. Mpata wa mamita 0.9 m'lifupi ndi 2.1 m'litali ndi pafupifupi masikweya mita awiri. Pa khoma lopyapyala lamkati, njerwa za saizi wamba zimalowa pafupifupi 60 pa sikweya mita, ndiye mukufuna njerwa zoposa 110, ndipo ziyenera kulumana ndi khoma lakale kuti pasadzachite mng'alu wotsata mzere wa chitseko chakale. Pulasitala apakidwe mbali zonse ziwiri, komanso m'mphepete mwa mpata watsopano. Swichi ya nyale inaikidwa pafupi ndi chitseko chakale, choncho nayo isunthe. Wa magetsi abwerenso, aseme khoma, aike paipi ina. Pomaliza pali zinyalala zoti zichotsedwe.

Manambala otsatirawa si mitengo ya kwina kulikonse, ndi ongosonyeza kawerengedwe, inu muikepo anu. Mmisiri womanga alandira 100 pa tsiku ndipo agwira masiku 3, ndiye 300. Womuthandiza alandira 50 pa tsiku, masiku omwewo, ndiye 150. Wa magetsi theka la tsiku, 60. Bimu, njerwa, simenti, mchenga, paipi ndi waya zikwana 190. Zonse pamodzi 700. Pamwamba pake ikani gawo limene mumaika pa ntchito zanu zonse lolipirira mayendedwe, kuyang'anira ntchito ndi phindu. Ngati pa koteshoni yoyamba munaika 15 peresenti, panonso ikani 15 peresenti, imene ndi 105, ndipo mtengo wonse ndi 805. Musakweze gawoli poona kuti kasitomala alibe kothawira. Akadzafananitsa ndi mitengo ya pa koteshoni yoyamba adzazindikira, ndipo kuyambira pamenepo nambala yanu iliyonse aziikayikira.

Ngati kusinthako kukuchotsanso ntchito ina imene munali musanaigwire, ichotsereni pa mtengo ndipo muonetse kuti mwachotsera. Ngati pali chinthu chimene simungachidziwe mpaka mutayamba, chitchuleni padera ndi mtengo wake. Pano chinthucho ndi felemu: ikazuka bwino igwiranso ntchito, ikapindika pafunika ina.

Masiku nawo ndi mtengo. Ntchito yeniyeniyo ndi ya masiku 3, koma pulasitala watsopano sapentedwa ali wauwisi, apo ayi penti imafufuma n'kusupuka. Wopenta ayambe kwina, khomali adzalimalize pambuyo. Tinene kuti tsiku lomaliza lasuntha ndi masabata awiri. Amisiri ambiri amakumbuka kunena za ndalama koma n'kuiwala za masiku, kenaka kasitomala yemweyo amene anasintha ntchito amadzawadzudzula kuti achedwetsa. Ngati mu mgwirizano muli chilango cha kuchedwa, kuiwala kumeneku kukhoza kukudyerani ndalama zoposa 805 uja.

Mwina mwaona kale kuti pempho lomweli likanabwera njerwa zisanayalidwe, mtengo wake ukanakhala pafupifupi ziro, kungosuntha chingwe ndi choko. Mfundo imeneyi ndi yofunika kumuuza kasitomala, osati momudzudzula, koma kuti amvetse kumene ndalamayo ikuchokera ndiponso kuti ngati ali ndi maganizo ena osintha, awanene msanga.

Tsopano kumbukirani chifukwa chimene mayi aja anapereka. Vuto lawo ndi chitseko kugunda kabati. Ngati felemu yake ikulola, chitseko chikhoza kutembenuzidwa kuti chizitsegukira mbali inayo, n'kusuntha swichi yokha kuti isabisike kuseri kwa chitseko. Tinene kuti zimenezi zikwana 150 ndi tsiku limodzi. Pitani nazo njira zonse ziwiri.

Kumuuza

Nkhani ya ndalama imayenda bwino pamaso kapena pafoni, cholemba n'kutsatira pambuyo. Uthenga wolembedwa ukafika wokha uli ndi nambala yosayembekezeka, munthu amawerenga nambala yokhayo. Ngati n'kotheka, kambiranani pa khoma lomwelo, koma osati pamaso pa anyamata a ntchito kapena alendo a kasitomala, chifukwa munthu akamaonedwa amakana pofuna kusunga ulemu wake.

Yambani ndi kubwereza pempho lake kuti atsimikize kuti mwamumva. Kenaka nenani kuti silili mu mgwirizano, fotokozani ntchito zimene likubweretsa, tchulani ndalama ndi masiku, ndipo malizani ndi funso.

"Mayi, dzulo munati chitseko chisunthe mita imodzi ndi theka kumanja kuti chisamagunde kabati. N'zotheka. Pa pulani imene tinasayinirana chili pamene chilipa, ndiye kusunthako ndi ntchito yowonjezera. Pafunika bimu yatsopano, kuboola apa, kutseka apo, pulasitala mbali zonse, ndiponso wa magetsi abwerenso. Zonse zikwana 805 pamwamba pa mtengo umene tinapangana, ndipo timaliza mochedwa ndi masabata awiri. Njira ina ndi yotembenuza chitseko kuti chizitsegukira uku. Imeneyo ndi 150 ndi tsiku limodzi. Kapena tikhoza kusiya mmene zilili, osawonjezera kanthu. Inu mukuona kuti titenge iti?"

Mukatchula nambala, khalani chete. Anthu ambiri amaopa bata limene limatsatira, ndiye amayamba kutsitsa mtengo kasitomala asanatsegule n'komwe pakamwa. Musapepesenso. Mawu oti "pepani kwambiri, ndikudziwa kuti n'zovuta, koma mwina pangafunike kangachepe" amamupatsa kasitomala chithunzi choti inu nomwe simukukhulupirira kuti ndalamayo ndi yoyenera. Akulu amati walira mvula walira matope, ndipo n'zoona, koma mwambiwu usungeni mumtima. Kasitomala amene wasintha maganizo sanalakwe, wangofuna kugula chinthu china, ndipo inu mukumuuza mtengo wake.

Lembani, ndipo dikirani yankho

Tsiku lomwelo tumizani cholemba. Sichifunika kukhala chachitali:

"Kusintha nambala 1. Pempho: kusuntha chitseko cha chipinda chatsopano mita imodzi ndi theka kumanja. Ntchito: bimu yatsopano, kuboola mpata, kutseka mpata wakale, pulasitala mbali zonse, kusuntha swichi. Ndalama yowonjezera: 805. Felemu ikapindika pozula, mtengo wa ina udzawonjezedwa, ndipo tidzakuonetsani tisanagule. Tsiku lomaliza lisuntha ndi masabata awiri. Ndalama ya zipangizo, 190, iperekedwe tisanayambe, yotsala ikalowa pa malipiro otsatira. Tiyamba mukayankha kuti mwavomera."

Onjezani deti, mtengo watsopano wa ntchito yonse, ndi tsiku lenileni lomalizira, kuti kasitomala asavutike kuwonkhetsa yekha. Ngati mgwirizano wanu unanena mmene kusintha kuyenera kuvomerezedwera, monga kusayina papepala, tsatirani zomwezo. Ngati sunanene kanthu, uthenga wa pafoni kapena imelo yoyankha momveka kuti "ndavomera kusintha nambala 1" ndi umboni wabwino kwambiri kuposa mawu a pakamwa. Kachithunzi ka chala chachikulu chokha n'kosakwanira, chifukwa munthu akhoza kudzanena kuti ankangosonyeza kuti uthenga wafika. Jambulaninso khomalo musanaligwire.

Zolembazi si mwambo wa amisiri okayikira anthu. Makontirakiti a bungwe la mainjiniya la FIDIC, amene amagwiritsidwa ntchito pa zomangamanga zikuluzikulu m'mayiko ambiri, ali ndi ndime yonse, ya 13, yonena za kusintha kwa ntchito. Mu makontirakiti ake a 1999, kontirakitala amene sanapereke chidziwitso cha ndalama kapena nthawi yowonjezera pasanathe masiku 28 kuchokera pamene anadziwa za vutolo akhoza kutaya ufulu wake wonse wolipiritsa. Ngati omanga milatho sadalira kukumbukira kwa munthu, womanga chipinda chimodzi asamachite manyazi ndi kapepala.

Kudikira ndi gawo limene limavuta kwambiri, makamaka anyamata akakhala kuti ali pamalo ndipo mukuwalipira. Apatseni ntchito ina ya mu mgwirizano woyamba. Koma muuzeninso kasitomala malire a kudikirako: "Wopenta afika Lachinayi. Ndikapanda kumva yankho pofika Lachiwiri madzulo, tipitiriza monga mwa pulani yoyamba." Mukatero, kukhala chete kwake kukutanthauza kuti palibe chosintha, osati kuti wavomera.

Akakana kapena akazemba

"Koma ndi kanthu kakang'ono." Musatsutse. Muyendetseni pa khomalo, mumuonetse pamene paipi ya magetsi yadutsa ndi pamene bimu idzakhale. Anthu ambiri sanaonepo mkati mwa ntchito, ndipo akaona amasiya okha kutsutsa.

"Tsitsaniko." Mtengo utsike pokhapokha ntchito nayo itachepa. Mwina kasitomala agule yekha zipangizo, mwina atenge njira ya 150 ija. Mukatsitsa popanda kuchotsa kanthu, mwamuphunzitsa kuti nambala yanu yoyamba imakhala yongoyesera.

"Ingoyambani, tidzaonana pomaliza." Awa ndi mawu oopsa kwambiri pa onse, chifukwa amamveka ngati kuvomera. Pomaliza kasitomala amakhala atatha ndalama, ndipo zosintha zisanu zimene munagwira "podzaonana" zimadzafika pamodzi ngati nambala imodzi yaikulu imene sanaiyembekezere. Yankhani mwaulemu kuti: "Ndimakonda tigwirizane pano, mayi, kuti pomaliza pasadzakhale chokudzidzimutsani. Mukangoyankha uthenga uja, mawa tiyamba." Kasitomala amene akufunitsitsa ntchito koma akukana kulemba mawu awiri ovomera wakuuzani kale mmene tsiku lolipira lidzakhalire.

Pali nthawi imodzi imene simudikira: pamene kudikira kungavulaze munthu kapena kuwononga katundu, monga mwaboola paipi ya madzi imene sinali pa pulani kapena khoma layamba kupendekeka. Chitani zokhazo zoletsa ngoziyo, jambulani, imbani foni nthawi yomweyo, ndipo kukonza kwenikweni kudikire chivomerezo monga mwa masiku onse.

Ndani ali ndi mphamvu yosintha

Ndondomeko yonseyi imagwa ngati pempho silidutsa kwa inu. Nthawi zambiri kasitomala sauza mwini kontirakiti, amauza mmisiri amene wamupeza pakhoma, ndipo mmisiriyo pofuna kusangalatsa bwana amangochita. Auzeni anyamata anu onse yankho limodzi: "Tamva, tiwauza akapitawo akuimbireni." Kumbali ya kasitomala nakonso, dziwani amene amavomereza ndalama. Amuna awo a mayi aja, mwana wawo, kapena munthu amene amutuma kudzayendera ntchito akhoza kupempha zosintha, koma cholemba chipite kwa amene anasayina mgwirizano ndipo ndi amene amalipira. Pa ntchito za makampani vutoli limakula: amene mumagwira naye tsiku ndi tsiku kawirikawiri si amene ali ndi chilolezo chowonjezera ndalama.

Nanga tinthu tating'ono, monga kukweza soketi pang'ono pulasitala asanapakidwe? Mukhoza kuchita mwaulere, ndipo nthawi zina n'kwanzeru. Koma nakonso kalembeni: "Kusintha nambala 2, kukweza soketi, mtengo wake 20, sitilipiritsa." Kasitomala amaona kuti mwamukomera mtima, ndipo amadziwa kuti mukuwerenga. Mukapanda kulemba, tinthu khumi taulere timasanduka chizolowezi, ndipo tsiku limene mudzatchule ndalama adzakufunsani kuti zayamba liti.

Pa invoisi, zosintha musaziphatikize mu mtengo wa ntchito yoyamba. Mzere woyamba ukhale mtengo wa mgwirizano, kenaka kusintha kulikonse pa mzere wakewake, ndi nambala yake, deti limene kunavomerezedwa, ndi ndalama yake, kuphatikizapo zaulere zija zolembedwa ziro. Kusintha kulikonse kulowe pa malipiro oyamba amene akubwera ntchitoyo itangogwiridwa, osadikira invoisi yomaliza.